Mwana Akatentha Thupi N'kukomoka

Mwana wamng'ono akatentha thupi n'kuyamba kukomoka, aliyense amene ali pafupi amafuna kuchitapo kanthu. Wina amathamangira supuni, wina ndowa ya madzi, wina amamunyamula n'kumamugwedeza uku akuitana dzina lake. Onsewa amatero chifukwa chomukonda mwanayo, koma palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimathetsa kukomoka. Nthawi zambiri kukomoka kobwera ndi kutentha thupi kumatha kokha mphindi zisanu zisanakwane, ndipo mwana amatsala wabwinobwino. Zimene zimavulaza ana ambiri ndi zina ziwiri: zomwe timawachita pamene akukomoka, ndi kuzengereza kupita kuchipatala tikaona kuti atsitsimuka.

Kukomoka kumene tikunena pano si kuja kwa munthu wamkulu amene wagwa ndi chizungulire pa maliro. Mwana amauma thupi lonse mwadzidzidzi, maso amatembenuka kapena kuyang'ana malo amodzi osaphethira, kenako manja ndi miyendo zimayamba kugwedezeka mobwerezabwereza. Nsagwada zimalumana, m'kamwa mumatuluka malovu kapena thovu, milomo imatha kuderako chifukwa mpweya sukuyenda bwino, ndipo ena amadzikodzera. Mukamuitana sayankha. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi kunjenjemera kwa malungo, chifukwa mwana wonjenjemera amakuonani, amalira, ndipo mukamugwira dzanja amadziwa kuti mwamugwira.

Gwero lake lili mu ubongo. Timaselo ta mu ubongo timatumizirana mauthenga mwadongosolo, tina tikamalankhula tina tili chete. Ubongo wa mwana umakhala ukukulabe, ndipo mwa ana ena thupi likatentha dongosolo lija limasokonekera kwa kanthawi, ngati pabwalo la milandu pamene anthu onse ayamba kuyankhula nthawi imodzi. Minofu imalandira malamulo ambirimbiri kamodzin'kamodzi, ndiye kuuma ndi kugwedezeka kuja. Zimenezi zimachitika mwa ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, makamaka apakati pa chaka chimodzi ndi ziwiri, thupi likafika pa madigiri 38 kapena kuposerapo. Mwa ana 100 alionse, pafupifupi 2 mpaka 5 amakomokapo chonchi asanayambe sukulu, ndipo zimayenda m'magazi: mukafunsa bwino mupeza kuti bambo kapena mayi wa mwanayo nayenso ankatero ali wakhanda. Matenda oyambitsa kutenthako akhoza kukhala wamba, chimfine, khutu, zilonda za kukhosi. Nthawi zina kukomoka kumabwera makolo asanazindikire n'komwe kuti mwana wayamba kutentha.

Pamene akukomoka

Tiyerekeze mwana wa chaka ndi miyezi 6, wolemera makilogalamu 10. Wakhala akutentha kuyambira masana, nsima wakana, koma bere akuyamwa. Cha m'ma 9 koloko usiku, ali pamiyendo pa mayi ake, akuuma n'kuyamba kugwedezeka.

Choyamba ndi kumutsitsa pansi. Mugonekeni pa mphasa kapena pa chitenje choyala, osati pa mpando kapena m'mphepete mwa bedi pomwe angagwe. Ngati pafupi pali mbaula, moto, nyali kapena poto wa madzi otentha, sunthani mwanayo kapena zinthuzo, chifukwa zipsera za moto ndi zimene ana ambiri okomoka amatsala nazo. Kenako mugonekeni cham'mbali, kukamwa kutaloza pansi pang'ono. Kagonedwe kameneka ndiko chithandizo chachikulu chimene mungapereke panyumba. Mwana wogona chagada malovu ndi masanzi zimabwerera kukhosi n'kulowa m'mapapo, pamene wogona cham'mbali zimangotayikira pa mphasa. Mmasuleni zovala zothina pakhosi, mchotsereni juzi ndi bulangete, muike kansalu kopinda pansi pa mutu kuti asamadzigunde.

Mukatero yang'anani nthawi pa foni kapena pa wotchi. Zimamveka ngati zopanda chifundo kuti mwana akuphupha inu n'kumaona wotchi, koma mantha amatalikitsa nthawi, moti mphindi ziwiri zimaoneka ngati theka la ola. Adokotala adzafuna kudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo inunso mukufunika kudziwa pamene mphindi zisanu zakwana. Ngati m'nyumba muli anthu awiri, mmodzi akhale pambali pa mwana, winayo apite kukadzutsa wa kabaza kapena mnansi wa galimoto nthawi yomweyo, osadikira kuona mathero ake. Ngati pali wachitatu amene ali ndi foni yojambula, ajambule. Kanema wa masekondi ochepa amauza adokotala zambiri kuposa zimene kholo logwidwa mantha lingafotokoze.

Yang'aniraninso mmene kukomokako kukuyendera. Kodi thupi lonse likugwedezeka, kapena dzanja limodzi ndi mwendo wa mbali yomweyo? Maso atembenukira kuti? Zimenezi zidzafunika kutsogoloku.

Tsono pali zimene muyenera kuletsa manja anu, ndipo nkhondo yake imakula chifukwa okulangizani amakhala akuluakulu. Agogo adzati, "Mayi a mwana, muikeni supuni m'kamwa, ameza lilime ameneyu!" Lilime silimezeka. Linamangiriridwa pansi pa kamwa, ndipo mwana akagona cham'mbali limagwera kutsogolo lokha n'kusiya njira ya mpweya. Supuni, kamtengo kapena chala chokakamizidwa pakati pa nsagwada zolumana chimathyola mano, chimang'amba nkhama, ndipo dzino lothyokalo likhoza kutsamwitsa mwana. Akadziluma lilime, balalo limapola m'masiku ochepa. Ayankheni mwaulemu koma mosagonja: "Agogo, pepani, kuchipatala anatiuza kuti m'kamwa musalowe kanthu. Tandigwirirani nyaliyi."

M'kamwa musalowe kanthu zikutanthauzanso madzi, phala, bere, panado ndi mankhwala azitsamba. Mwana wokomoka sangameze, ndiye chilichonse chothiridwa m'kamwa chimatsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo choopsa kuposa matenda amene anayamba nawo. Musamupanikize manja ndi miyendo kuti asiye kugwedezeka, chifukwa lamulo logwedezeka likuchokera mu ubongo ndipo mphamvu zanu sizingaliletse, mungomupweteka mafupa. Musamuthire madzi ozizira kapena kumuviika m'beseni. Madziwo sadula kukomoka, akhoza kumulowa m'mphuno, ndipo khungu likazizira mwadzidzidzi thupi limayamba kunjenjemera n'kusunga kutentha m'kati. Kumufukiza utsi, kumununkhiza zinthu zoyabwa m'mphuno, kumuyandikiza mapazi ku moto kuti adzidzimuke, zonsezi zimaoneka ngati zagwira ntchito pa chifukwa chimodzi chokha: kukomokako kunali kutha kale pakokha. Mankhwala ambiri a m'mudzi anatchuka motero. Ndipo malovu a mwana wokomoka sapatsira aliyense matenda okomoka, choncho palibe chifukwa chomuthawa kapena kuthamangitsa amene akufuna kumupukuta.

Mwana wathu uja wagwedezeka kwa mphindi ziwiri, kugwedezeka kukuchepa, thupi likufewa, akupuma mpweya waukulu n'kugona tulo tofa nato. Zimenezi n'zoyembekezeka. Ubongo watopa, ndipo akhoza kukhala wofooka, wosokonezeka kapena wolira kwa mphindi zingapo mpaka theka la ola. Msiyeni cham'mbali, mpukuteni kukamwa, yang'anani chifuwa ngati chikukwera ndi kutsika, komanso ngati mtundu wa milomo ukubwerera. Musamupatse chakumwa kufikira atadzuka n'kukuzindikirani. Akatero muyamwitseni.

Sizichitika kawirikawiri, koma ngati kugwedezeka kwatha ndipo mwana sakupuma konse, mutembenuzeni chagada, mukweze chibwano pang'ono, mumutseke mphuno ndi zala, n'kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu, mokwanira kuti chifuwa chikwere. Akapanda kusuntha kapena kupuma, kanikizani pakati pa chifuwa ndi chikhatho chimodzi ka 30 mofulumira, muuzire kawiri, n'kumabwereza choncho uku ena akukonza ulendo.

Mphindi zisanu zikakwana

Malire a mphindi zisanu ali ndi chifukwa chake. Kukomoka kumene kwadutsa pamenepa nthawi zambiri sikusiya kokha, ndipo kukamatalika kumavutanso kukuletsa ngakhale ndi mankhwala. Kukapitirira theka la ola ubongo ukhoza kuvulala. Choncho wotchi ikakwanitsa mphindi zisanu mwana akugwedezekabe, nyamukani naye momwemo. Musadikire kuti asiye kaye.

Kanyamulidwe kake n'kofunika. Mayi wa kuno akati athamange ndi mwana amamuponya kumsana, koma mwana wokomoka kapena amene sanatsitsimuke saberekedwa. Kumsana mutu umagwera kumbuyo kapena nkhope imakanikizika pa msana wa mayi, ndipo palibe amene akuona ngati akupuma. Mufungatireni kutsogolo, cham'mbali, nkhope ili poonekera, osamukuta ndi mabulangete. Pa njinga yamoto kapena ya kabaza, khalani naye pamiyendo motero. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mankhwala alionse amene mwamupatsa, a kugolosale kapena a kwa asing'anga. Anamwino akhoza kukudzudzulani, koma kubisa n'koopsa kuposa kudzudzulidwa, chifukwa mankhwala ena amatsitsa shuga m'magazi kapena kugoneka mwana, ndipo adokotala akapanda kudziwa amasaka vuto kolakwika.

Nanga ngati wasiya yekha, wadzuka, akuyamwa?

Apa ndi pamene mabanja ambiri amapumira m'mwamba n'kunena kuti tiona kukacha. Ndikuona kuti kuno kwathu chiganizo chimenechi ndi choopsa kuposa supuni ija. M'mayiko opanda malungo, mwana wotere nthawi zambiri amakhala ndi kachilombo ka chimfine basi. Kuno, kutentha thupi ndi kukomoka zikakumana, pamakhala matenda awiri oyenera kuwaganizira msanga: malungo aakulu amene amagwira ubongo, ndi matenda oumitsa khosi. Onsewa akhoza kupha mwana m'tsiku limodzi kapena awiri, onsewa amachizika akapezeka msanga, ndipo poyambirira amafanana kwambiri ndi kukomoka kosaopsa kuja. Palibe kholo, ngakhale lophunzira chotani, limene lingawasiyanitse ndi maso. Ndi chifukwa chake m'ndondomeko imene anamwino ndi alangizi a zaumoyo amatsata poona ana osakwana zaka 5, kukomoka kuli m'gulu la zizindikiro zoopsa, pamodzi ndi kulephera kuyamwa kapena kumwa, kusanza chilichonse, ndi kufooka kosadzuka. Mwana wokhala ndi chimodzi chokha mwa izi amatumizidwa kuchipatala tsiku lomwelo. Usiku ndi tsiku lomwelonso.

Pali zizindikiro zimene zimasonyeza kuti mwina uku si kukomoka kwa kutentha thupi chabe, ndipo zikaoneka changu chiwirikize. Kukomoka kukabwereza pasanathe maola 24, kukagwira mbali imodzi ya thupi, kapena kukatenga mphindi zoposa 15, madokotala amakuika m'gulu lofuna kufufuza mozama. Chachikulu kwambiri ndi katsitsimukidwe. Mwana amene wangokomoka ndi kutentha amabwerera mwakale, amazindikira mayi ake, amalira mwamphamvu mukamuvula. Amene patha theka la ola osadzuka, amene mukamutsina amangosuntha pang'ono kapena osasuntha n'komwe, ameneyo ali pangozi. Yang'ananinso zikhatho ndi m'kati mwa zikope: zikayera, magazi achepa, zimene malungo amachita mofulumira mwa ana. Kupuma mozama ndi mothamanga, khosi louma, liwombo lotupa mwa amene silinatseke, timadontho pakhungu tosazimirira mukatikanikiza, zonsezi n'zofuna kuthamanga. Dziwaninso kuti mwa mwana wosakwana chaka ndi theka matenda oumitsa khosi akhoza kukhalapo khosi lili lofewa. Ndipo khanda losakwana miyezi 6 likakomoka, musaganize n'komwe za kukomoka kosaopsa, chifukwa pa msinkhu umenewo chifukwa chake chimakhala china.

Kukomoka kwina kumabisala. Mwana akhoza kuoneka kuti wasiya kugwedezeka, koma maso akadali opendekera mbali imodzi, kona ya mlomo kapena chala chikuphupha pang'onopang'ono, malovu akutuluka, kupuma kukudumphadumpha. Ameneyo akukomokabe, ndipo wotchi ija isaime.

Kwa amene amakhala kutali ndi chipatala, mlangizi wa zaumoyo amene amayendetsa chipatala cha m'mudzi akhoza kuthandiza pa njira. Kumene mankhwalawa alipo, amaika mwana kam'bulu ka atesuneti kunjira yachimbudzi, kamodzi ka mamiligalamu 100 kwa mwana ngati wathuyu. Kam'buluka kamayamba kupha tizilombo ta malungo kuti mwana afike kuchipatala ali moyo, koma sikachiza. Banja limene liona mwana akupezako bwino n'kubwerera kunyumba limapeza matenda atayambiranso ndi ukali.

Zimene zimachitika kuchipatala

Mukafika musakhale pamzere. Pitani kutsogolo n'kuuza woyamba amene mwamuona wovala yunifolomu: "Anamwino, mwanayu wakomoka." Zipatala zathu zimatsata njira yosankhira ana odwalitsitsa kuti aonedwe poyamba, njira imene mbali yaikulu inakonzedwa ndi kuyesedwa ku Blantyre, pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth chimene ambiri amachitcha Gulupu. Pa njira imeneyi mwana amene akukomoka kapena amene sakudzuka sadikira.

Ngati akukomokabe, amamugoneka cham'mbali, amamuyeretsa kukhosi, amamupatsa mpweya wa okosijeni ngati ulipo, kenako dayazepamu. Pamene mtsempha sunapezeke mankhwalawa amalowetsedwa kunjira yachimbudzi, theka la miligalamu pa kilogalamu iliyonse, ndiye kuti mamiligalamu 5 kwa mwana wa makilogalamu 10. Pakatha mphindi 10 asanasiye amabwereza kamodzi, kenako amasintha mankhwala, chifukwa dayazepamu akachuluka amafooketsa kupuma. N'chifukwa chake si mankhwala ogula pamsika n'kusunga m'nyumba popanda adokotala kukuphunzitsani. N'chifukwa chakenso muyenera kunena ngati mwana walandira kale mankhwalawa kuchipatala chaching'ono chimene mwadzera.

Chachiwiri amamubaya chala. Kadontho kamodzi n'koyezera malungo, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi 15 mpaka 20. Kena n'koyezera shuga. Mwana amene wakhala tsiku osadya bwino, makamaka ali ndi malungo, shuga amamuthera, ndipo kuchepa kwa shuga pakokha kumakomola ndi kuvulaza ubongo. Akapeza kuti watsika amamupatsa madzi a shuga kudzera mumtsempha, ndipo ana ena amadzuka pompo. Amayezanso kuchuluka kwa magazi.

Mudzaonanso adokotala akuyendetsa nkhope yawo kapena yanu patsogolo pa mwana, kenako n'kumukanikiza pa chikhadabo kapena pa fupa la pachifuwa. Si nkhanza. Akuona ngati maso ake akutsatira, ngati akulira moyenera, ndi ngati akuchotsa dzanja lomupwetekalo. Muyeso umenewu, wochokera pa 0 kufika pa 5, umadziwika padziko lonse ndi dzina la mzinda wa Blantyre, chifukwa unakonzedwa kumeneko ndi madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzawo, ndipo unafalitsidwa mu 1989. Mwana wabwino amapeza 5. Amene wapeza 2 kapena kutsika apo, malungo ali m'magazi, ndipo sakudzuka ngakhale kukomoka kunatha kale, amatengedwa kuti malungo amugwira ubongo. Ameneyo amagonekedwa n'kulandira atesuneti wa jakisoni, katatu pa maola 24 oyamba, ndipo akayamba kumeza amamalizitsa ndi mapiritsi a LA kwa masiku atatu.

Pali chinthu chimodzi chimene makolo amachiopa kuposa zonse, ndicho kutenga madzi a kumsana. Mbiri imamveka m'mawodi yoti mwana akangobayidwa kumsana ndiye kuti wapita. Mbiriyi ili ndi pochokera: amene amabayidwa kumsana ndi ana odwalitsitsa, ndipo ena mwa iwo amamwalira ndi matenda amene anabwera nawo. Koma singanoyo imalowa m'munsi mwa msana, kupitirira pamene mtsempha waukulu wa msana umathera, n'kutenga madontho ochepa amene thupi limabwezeretsa m'maola owerengeka. Ndiyo njira yotsimikizira ngati mwana ali ndi matenda oumitsa khosi. Kupezeka ndi malungo sikutanthauza kuti matenda enawo palibe, chifukwa mwana akhoza kukhala ndi onse awiri, komanso kachipangizo koyezera malungo kamatha kuonetsabe kuti alipo patatha milungu ingapo munthu atachira. Adokotala akaona kuti mwana wafooka kwambiri moti sangabayidwe bwinobwino, amayamba kumupatsa mankhwala opha mabakiteriya n'kudikira kaye. Funsani mafunso onse amene muli nawo, koma musathawe naye mwana usiku.

Tinene kuti mwana wathu uja wafika cha m'ma 10 koloko ali maso, akukakamira chitenje cha mayi ake. Malungo sanapezeke, shuga ali bwino, khosi ndi lofewa, ndipo poyang'ana m'khutu apeza kuti lafiira ndi kutupa. Kumeneko ndiye kukomoka kwa kutentha thupi kwenikweni. Amuyang'anira kwa maola angapo kapena usiku wonse, amupatsa mankhwala a khutu ndi panado, n'kumutulutsa. Ulendowo sunapite pachabe, chifukwa yankho limeneli silikanapezeka pa mphasa.

Mukabwerera kunyumba

Funso loyamba la kholo lililonse ndi lakuti kodi zidzachitikanso. Zikhoza kutero. Mwa ana atatu amene akomokapo ndi kutentha thupi, pafupifupi mmodzi amadzakomokanso, kawirikawiri chaka chisanathe. Mpata umakula ngati koyamba kunachitika mwana asanakwane chaka ndi theka, ngati m'banjamo muli ena amene ankatero, kapena ngati anakomoka thupi lisanatenthe kwambiri. Akamafika zaka 5 kapena 6 zimasiya zokha.

Funso lachiwiri ambiri amaopa kulitchula: kodi ndi khunyu? Ayi. Khunyu ndi pamene munthu amakomoka mobwerezabwereza popanda kutentha thupi kapena chomuputa china. Mwa ana onse, pafupifupi mmodzi pa 100 amadzakhala ndi khunyu, ndipo mwa amene anakomokapo kanthawi kochepa ndi kutentha thupi chiwerengerocho chimangokwera pang'ono, kufika pa awiri mwa 100 kapena chapompo. Chimakwera kuposa apo kwa amene kukomoka kunatalika, kunagwira mbali imodzi, kapena amene anali ochedwa kale kukhala, kuyenda ndi kuyankhula. Kukomoka kwakufupi sikuchepetsa nzeru, ndipo mwana wotere sapatsidwa mankhwala a khunyu omwa tsiku ndi tsiku, chifukwa zovuta za mankhwalawo zimaposa phindu lake. Asamusale anzake, ndipo kusukulu ya mkaka apite.

Za panado pali zoyenera kunena mosabisa. Amatsitsa kutentha ndipo mwana amapezako bwino n'kuyamba kumwa, koma kafukufuku wasonyeza kuti sateteza mwana kuti asadzakomokenso akadzadwala ulendo wina. Kudziwa zimenezi kumachotsa mtolo pa mayi amene amadziimba mlandu kuti anachedwa kupereka mankhwala. Kumatetezanso ku ngozi ina, ya kholo lamantha limene limamwetsa panado ola lililonse, pamene panado wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete. Mlingo wake umayendera kulemera kwa mwana, mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu, maola 6 alionse, osapitirira kanayi pa tsiku. Kwa mwana wa makilogalamu 10, piritsi la akulu la mamiligalamu 500 muliduladule panayi n'kumupatsa chidutswa chimodzi. Ngati ndi wamadzi amene botolo lake lalembedwa mamiligalamu 120 pa mamililita 5, mamililita 5 kapena 6 akwana, poyeza ndi kachikho kapena sirinji yake osati supuni ya tiyi. Kulemera kwa mwana kuli m'buku la kusikelo. Asipulini asapatsidwe kwa ana. Muvekeni zopepuka, mumwetseni pafupipafupi, ndipo ngati mukufuna kumupukuta, nsaluyo inyowe ndi madzi ofunda. LA wotsala wa m'bale wake musamupatse asanayezedwe.

Chimene chimachepetsadi kukomoka koopsa ndi kupewa matenda ake. Neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, kuyezetsa malungo tsiku lomwe thupi latentha, ndi katemera. Katemera wolimbana ndi mabakiteriya amene amayambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2002 ndi mu 2011, ndipo mu 2019 dziko lino linakhala loyamba kupereka katemera wa malungo kudzera kusikelo, m'maboma osankhidwa. Katemera wa chikuku amatha kutenthetsa thupi patatha sabata imodzi kapena iwiri, ndipo mwa ana ochepa kwambiri kutenthako kumabweretsa kukomoka kwakufupi. Zikatero mwanayo akaonedwe ngati wina aliyense wokomoka, koma si chifukwa chosiyira katemera wotsalayo, poti chikuku chenichenicho chimakomola ndi kupha ana ochuluka kuposa pamenepo.

Mwana sakhala ndi mayi ake nthawi zonse. Mlezi, agogo, mchemwali wake wamkulu ndi aphunzitsi a kumkaka adziwe kuti anakomokapo, ndipo muwaonetse ndi manja mmene amamugonekera, osangowauza pakamwa. Sungani nambala ya wa kabaza amene amayankha foni usiku, ndi ndalama ya ulendo pamalo odziwika.

Nkhani imasiyana kwa mwana amene anagonekedwa ndi malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Ambiri amachira kotheratu, koma ena amatsala ndi zovuta zimene sizioneka tsiku lotuluka m'chipatala. Matenda oumitsa khosi amakonda kuwononga makutu, choncho yesani kumuitana muli kumbuyo kwake muone ngati akutembenuka. Pa miyezi yotsatira yang'anirani ngati akukoka mwendo, ngati dzanja lina sakuligwiritsa ntchito, ngati mawu amene ankawadziwa asowa, ngati wasanduka waukali kapena wosakhazikika modabwitsa, kapena ngati wakomoka thupi lili lozizira. Chilichonse mwa izi chikaoneka, bwererani naye kuchipatala ndi buku lake lija, ngakhale tsiku limene anakulemberani lisanakwane.